Akakuchotsani ntchito: mmene mungauzire a kunyumba ndi kuyambanso kuyenda mutu uli mmwamba

Chimene anthu ambiri timalephera ntchito ikatha si kufuna ina ayi, ndi kutsegula pakamwa kunyumba. Ine ndinali kalaliki wa pa sikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo zaka 7, nde tsiku lomwe anandipatsa kalata ndinaipinda kanayi nkuiika mthumba la jekete, ndipo masiku 9 athunthu ndimadzuka 5 koloko, kusamba, kumwa tiyi, kutsanzika bwinobwino ngati ndikupita kuntchito, chonsecho ndikukakhala pansi pa mtengo ku Luchenza kumayang'ana maminibasi mpaka dzuwa lipendeke. Nkhani inawapeza mayi akunyumba kuchigayo, anawauza ndi mkazi wa kapitawo, amvekere pepanitu ndi zimene zawaonekera abambowa. Mkangano umene unabuka usiku umenewo sunali wa ntchito, unali wa bodza. Ndiye zimene ndalemba apazi ndi zimene ndikanachita ndikanadziwa, kuphatikiza zimene ndinachita mochedwa koma zinandithandiza. Ndalemba ngati ndikuyankhula ndi mwamuna amene ali pa chikamwini poti ndi zimene ndikuzidziwa, koma amayi amene mwachotsedwa zambiri apa ndi zanunso.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

Kalata yokuchotsani ntchito, yeniyeniyo ya siginecha, ndiponso muijambule pa foni. Mapepala a malipiro a miyezi itatu yapitayi, kalata yomwe anakulemberani ntchito ngati munasunga, ndi nambala yanu ya penshoni. Kope la sukulu latsopano ndi bolopeni, musaseke, kopeli ndi limene ligwire ntchito yaikulu. Munthu mmodzi wamkulu wosunga pakamwa, kaya ndi amalume anu, ankhoswe a kuchimuna kapena mkulu wa mpingo. Ndalama ya thiransipoti yopita ku ofesi ya leba pa Boma nkubwerako, muiike padera isakhudzidwe. Ndipo masiku awiri osamwa mowa, izinso muziwerengere ngati chida.

## 1. Tsiku loyamba werengani kalatayo mpaka muimve

Munthu akangomva mawu oti ntchito yatha makutu amatseka, zonse zimene bwana akunena pambuyo pake zimangodutsa. Nde mukatuluka pa geti khalani penapake muwerenge kalatayo kawiri, ngati chizungu chake chavuta pezani wokuwerengerani koma asakhale wa pantchito pomwepo. Mukufuna mudziwe chinthu chimodzi: akuchotsani chifukwa chakuti mwalakwa, kapena chifukwa chakuti akuchepetsa anthu, kapena kontirakiti yanu ya sizoni yangotha? Zitatuzi si zofanana, ndalama zake ndi zosiyana, ndipo mawu amene mukanene kunyumba ndi osiyananso.

Lamulo la ntchito la 2000 limati bwana sangakuchotseni popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati akuti mwalakwa ayenera kukupatsani mpata woti munene mbali yanu asanagamule. Limatinso malipiro a masiku amene munagwira ndi zina zonse zomwe zinatsala aziperekedwa pasanathe masiku 7 ntchito itatha, kuphatikiza masiku a livi omwe simunapume. Ngati mumalandira pa mwezi, notisi ndi ya mwezi umodzi kapena ndalama yake, pokhapokha akakuchotsani pompopompo pa mlandu waukulu. Ndalama ya sevalensi ija anthu amaitchula kwambiri siibwera kwa aliyense ayi, imabwera ngati akuchepetsa anthu kapena ngati zapezeka kuti anakuchotsani mopanda chilungamo, ndipo mukhale mutagwira chaka chathunthu. Mawerengedwe ake ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse kwa zaka 5 zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi pa chaka kuyambira cha 11. Tingoyerekeza munthu wolandira K50,000 pa sabata amene wagwira zaka 7, zaka zisanu zoyambazo ndi K500,000, ziwiri zinazo K300,000, zonse K800,000.

Ine sindinalandire ngakhale tambala ya imeneyo poti ndinalakwadi, ndinalembera mnzanga makilo a tiyi tsiku limene sanabwere ali kumaliro, anandiitana ku hiyaring'i, ndinavomera, basi.

Chenjezo: musasayine pepala lililonse lonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzadandaulanso musanaliwerenge. Ndipo musalembe kalata yosiya nokha ntchito chifukwa choti wina wakuuzani kuti ndi mmene mbiri yanu ikhalire yoyera, kafunseni kaye ku leba. Pemphaninso setifiketi yosonyeza kuti munagwira ntchito pamenepo kuyambira liti mpaka liti, ndi ufulu wanu, ndipo mudzaifuna kutsogoloku.

## 2. Lembani manambala mu kope musanayankhule ndi wina aliyense

Chifukwa chake ndi ichi, funso loyamba la mayi akunyumba likhala loti nanga tidya chani, ndipo mukayankha kuti Mulungu adziwa mwawasiya ndi mantha okhaokha. Mukabwera ndi tsamba lolemba, ngakhale manambala ake akhale oipa chotani, munthu amakhala ndi pogwira.

Tsamba loyamba lembani zimene zilipo ndi zimene mukutsimikiza kuti zibwera. Tsamba lachiwiri ngongole zonse, ngakhale ija ya kubala imene simunanenepo. Langa linali chonchi: malipiro a masiku omwe ndinagwira ndi livi yotsala zinakwana K190,000, pa foni panali K22,000, mnyumba munali matumba atatu a chimanga ndi nandolo wosagulitsa pafupifupi thumba. Ngongole: banki mkhonde ya mayi K60,000 yomwe anatenga podalira malipiro anga, pa golosale K25,000, fizi ya mwana wa fomu 2 K45,000 teremu ikubwerayo. Ndiye pa K212,000 kuchotsa K130,000 kunatsala K82,000, ndi chimanga chofika mwina miyezi iwiri ndi theka pa banja la anthu asanu. Nditaona choncho mtima unatsika pang'ono, chifukwa mmutu mwanga zimaoneka ngati mawa lomwe tigona ndi njala, pomwe pa pepala panali miyezi iwiri yopumira.

Chenjezo: penshoni musaiwerengere pa tsamba limeneli. Zoona bwana amaikako 10 peresenti inu 5, ndalamayo ndi yanu kaya anakuchotsani pa mlandu, koma siituluka sabata yomweyo, pamakhala miyezi yodikira ndi mafomu, nthawi zinanso mumakapeza kuti miyezi ina sanatumize. Ambiri amakatenga katapila ati ndibweza penshoni ikatuluka, ikamatuluka katapila uja wabereka kale kawiri.

Ngati mumakhala mnyumba ya pa esiteti funsani tsiku lenileni limene akufuna makiyi, mulilembenso mu kopemo. Kuchotsedwa ntchito ndi kusamuka zimabwera limodzi kwa anthu a ku malaini, ndipo kusamuka kwake kawirikawiri ndi kopita kwa apongozi.

## 3. Uzani mayi akunyumba tsiku lomwelo, zikavutitsitsa mawa lake

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuno kwathu chinsinsi cha pa esiteti sichitha sabata, othyola tiyi ndi omwewo mumapemphera nawo, mlonda wa pa geti ndi mlamu wa neba wanu. Funso si loti adziwa kapena sadziwa, funso ndi loti amva kwa ndani. Akamva kwa inu ndi vuto la banja lonse, akamva kuchigayo ndi mlandu wanu nokha.

Sankhani nthawi ana atadya ndi kugona, inu musanamwe kanthu, foni ili patali. Musayambe ndi nkhani yaitali ya mmene bwana amakudanirani kuyambira kale, munthu amangodikira kuti mukufuna kunena chani ndipo mtima umakwera. Yambani ndi chenichenicho. Zimene ndikanayenera kunena ine ndi izi: "Amake mwana, khalani pansi ndikuuzeni. Ntchito yatha lero. Kalata ndi iyi. Ndinalembera mnzanga uja makilo tsiku lomwe kunalibe, azindikira, ndinalakwa ndine. Ndawerengera zimene tili nazo, nazi apa, tione limodzi." Basi, mukatero khalani chete.

Kukhala cheteko ndi kovuta kuposa kuyankhulako. Mwina alira, mwina akalipa, mwina akumbutsani kuti ndinakuuzani ine za anzanu aja, mwina angodzuka nkukakhala kukhitchini. Asiyeni. Inu mwakhala ndi nkhaniyi kuyambira mmawa, iwo angoimva mphindi ino, simungayembekezere kuti afike pamene mwafika inu. Musayankhe mawu oyamba aukali, ndipo musanene kuti nanenso ndakudyetsani zaka zonsezi, mawu amenewo akatuluka sabwerera. Kope lija mwina muliona mawa lake, palibe vuto.

Pa nkhani ya chifukwa, nenani zoona koma mwachidule. Ngati munalakwa vomerani kamodzi momveka, osabwereza tsiku ndi tsiku ngati nyimbo. Ngati anakunamizirani nenani kuti sindinachite ndipo ndikapita ku leba tsiku lakuti. Ngati ndi kuchepetsa anthu onetsani kalata kuti aone okha kuti si inu nokha. Chimene simuyenera kuchita ndi kusintha nkhani, lero akuchepetsa anthu, mawa ndasiya ndekha, mkuja bwana amandichitira nsanje. Apongozi amasunga mawu onse ndipo tsiku lina adzawaika pamodzi.

Musanagone mugwirizane zinthu ziwiri. Choyamba mawu amene nonse muziyankha anthu akafunsa, akhale amodzi. Chachiwiri ndani auzidwe ndipo auze ndani.

Amayi amene mwachotsedwa ndipo mukudziwa kuti bambo akunyumba dzanja lawo ndi lopepuka akakwiya, musanene muli awiriwiri usiku, itanani ankhoswe kapena achemwali anu akhalepo masana.

## 4. Apongozi ndi akuluakulu: pitani nokha, musadikire kuitanidwa

Mkamwini ulemu wake wambiri kumudzi kwa mkazi umakhala pa zimene amabwera nazo pakutha pa mwezi, kasopo, kashuga, feteleza nthawi ya dzinja, tisanamizane. Ndiye ntchito ikatha umamva ngati ngakhale nkhuku za pakhomo zikukuyang'ana. Ine ndinatha sabata ziwiri ndikuzemba apongozi aakazi, ndikawaona akubwera ndimalowera kuseri kwa nthochi, ndipo kuzembako ndi kumene kunawapangitsa kuganiza kuti ndinaba ndalama zambiri.

Chitani chonchi. Yambani mwauza munthu wanu wamkulu uja, amalume kapena ankhoswe a kuchimuna, pamaso ndi pamaso ngati ali pafupi, ngati ali kutali muimbireni, osalemba meseji. Kenako mayi akunyumba akadziwitse amayi awo kuti abambo abwera kudzakuonani madzulo ali ndi mawu. Musapite chimanjamanja koma musapitenso ndi zodula ngati mukudzagula chikhululukiro, kapaketi ka mchere kapena shuga nkokwanira. Mukakhala pansi ndi kulonjerana, nenani mwaulemu: "Amayi, ndabwera kuti mumve kwa ine. Ntchito ija yatha. Ana anuwa ndawafotokozera zonse, ndipo takhala pansi tawerengera, chakudya chilipo cha miyezi iwiri, fizi ya mdzukulu wanu taika padera. Panopa ndikhala ndikugwira kudimba uku ndikufunafuna."

Mwaona kuti simunapemphe kanthu ndipo simunalonjeze kanthu kakakulu. Chimene makolo a mkazi amaopa ndi chakuti mwana wawo ndi zidzukulu zigwera pamutu pawo, kapena kuti inu muthawira ku Limbe kapena ku Joni nkusowa. Mukawaonetsa kuti mulipo ndipo mwawerengera, theka la mantha lachoka. Akafunsa chifukwa yankhani mawu omwe aja munagwirizana. Alamu ena aponya mawu, amvekere nde mabwana atsika, sekani nawo pang'ono nkusintha nkhani, mukayankha mwaukali ndi zimene azikumbukira chaka chonse.

Chenjezo: musalonjeze tsiku. Mawu oti mwezi wa mawa ndikhala nditayamba kwina amakoma pa nthawiyo koma mwezi ukatha mwasanduka wabodza kachiwiri.

Kwanu kumene munabadwa nakonso auzeni msanga, makamaka amene mumawatumizira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money mwezi ndi mwezi. Auzeni mosabisa kuti kuyambira mwezi uno sinditumiza mpaka nditanena, kuti asamawerengere. Ndi bwino akhumudwe lero kusiyana ndi kuti muzizimitsa foni pa 30 paliponse.

## 5. Ana

Mwana wa sekondale muuzeni nokha, mwachidule, ndipo muyambe ndi chimene chikumukhudza: sukulu upitiriza, fizi ya teremu ino ilipo. Ang'onoang'ono ingowauzani kuti adadi masiku ano azigwira ntchito pakhomo. Osawatuma kukanama kwa angongole kuti adadi kulibe muli mnyumba.

## 6. Ku leba, ngati pali chodandaula

Ngati sanakumvereni mbali yanu, kapena chifukwa chake ndi chabodza, kapena masiku 7 adutsa ndalama osaoneka, pitani ku ofesi ya leba pa Boma, ku Thyolo kapena ku Mulanje malinga ndi kumene kuli ntchitoyo. Dandaulo loti anakuchotsani mopanda chilungamo limayenera kufika kumeneko pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe anakuchotsani, ndiye musakhale mukudikira kuti mtima uyambe wapola. Tengani mapepala onse aja, ngati munali mu yuniyoni uzaninso woimira wanu. A leba amaitana mbali zonse ziwiri kuti mukambirane, zikakanika nkhani imapita ku khothi la za ntchito ku Blantyre, ndipo kumeneko zimatenga nthawi, nthawi zina zaka.

Nchifukwa chake ndikuti mlanduwo uziyenda pambali, usakhale ntchito yanu yatsopano. Ndikudziwa bambo wina wa cha ku Chonde amene zaka ziwiri amangoyenda ndi envelopu ya khaki kuuza aliyense kuti ndalama zanga zikatuluka muona, munda osalima. Ndipo ngati munalakwadi ngati ine ndipo anatsata ndondomeko, musawononge thiransipoti pofuna kungoonetsa kunyumba kuti mukulimbana nazo, ingoonetsetsani kuti masiku anu ndi livi akupatsani zokwanira.

## 7. Kubweza mtima mmalo: thupi liyambe, mutu utsatira

Apa anthu amalakwitsa poganiza kuti ayambe amva bwino kenako ndiye adzatuluke mnyumba. Zimayenda mosemphana, umayamba kutuluka ndi kugwira kanthu, kumva bwinoko kumabwera pambuyo. Chimene ntchito imakupatsa si ndalama yokha, imakupatsa ola lodzukira, kopita, ndi anthu okuitana dzina. Zitatuzi zikachoka tsiku limodzi munthu umangoti zii, nde uyenera kuzibweza ndi manja.

Dzukani ola lomwe lija mumadzuka. Sambani, valani zochapa, osakhala mu kabudula wogonera mpaka masana. Usiku uliwonse lembani mu kope ntchito imodzi ya mawa yooneka ndi maso ikatha, monga kupalira mizere 20 ya chinangwa, kukonza denga la bafa, kupita ndi nandolo kumsika. Ikatha ikani chizindikiro. Zikumveka zachibwana koma pakatha sabata ziwiri mukatsegula kope muona masiku 14 oti munachita kanthu, ndipo mawu aja amabwera usiku oti ndiwe wopanda ntchito amakhala ndi chowayankha.

Ine chimene chinandidzutsa ndi sikelo. Ndinazindikira kuti zaka 7 zija zinandisiyira luso, ndimadziwa kuyeza, kuwerengera msanga ndi kusunga buku. Nthawi ya nandolo mavenda amabera amayi pa sikelo, nde ndinayamba kumaperekeza mayi akunyumba ndi anzawo a banki mkhonde kukagulitsa, ine kumayang'ana sikelo ndi kuwerengera. Sindimalandira kanthu poyamba, koma tsiku lina mayi wina anati aitaneni akalaliki aja adzatione apa, ndipo dzina limenelo nditalimva ndinayenda mosiyana popita kunyumba. Kenako gulu lawo linandipempha kuti ndiziwathandiza kulemba buku. Ndiye dzifunseni kuti pantchito paja manja anga amadziwa chani chimene anthu a pamudzi pano amachifuna, dalaivala, mlonda, wa makina a mufakitale, wothyola tiyi wodziwa kudulira mitengo, aliyense ali nako kake.

Ganyu musamukane chifukwa cha manyazi, koma ngati kugwira pamudzi pomwepo kukukulemerani yambani mudzi wina. Pa K82,000 ija ife tinatengapo K30,000 yokha kuyesa geni ya nanazi, kukagula kwa alimi cha ku Mulanje nkumagulitsa pamsewu, ulendo woyamba zina zinaola poti ndinagula zakupsa kwambiri ndipo phindu linali K4,000 basi. Koma poti inali K30,000 osati ndalama yonse, tinaphunzira osalira. Musaike ndalama yonse yomaliza mu bizinesi imene simunaipangepo, makamaka ija mnzanu akuti mungondipatsa ine ndikakugulireni katundu ku Milanje.

Kutchalitchi, kumzikiti, kumaliro, ku mpira, pitani sabata yoyamba yomwe. Ulendo woyamba ndi wowawa, anthu akufunsani, yankhani chiganizo chimodzi chija, "ntchito inatha, panopa ndili pakhomo ndikuyang'ana zina, mukamva kanthu mundiuze." Mukanena katatu mudzaona kuti chayamba kutuluka chokha osagwira pakhosi, ndipo mbali yomalizayo ndi imene imabweretsa ntchito, poti kuno ntchito zambiri zimamveka pakamwa. Mukabisala mwezi, kutuluka kwake kumalemera kakhumi.

Pofunsira ntchito ina, nthawi ndi yofunika. Maesiteti amafuna anthu ambiri mvula ikayamba tiyi akamaphuka, cha mu Disembala mpaka Epulo, pomwe nthawi yozizira ndi yachilimwe ntchito imachepa. Ndiye mukachotsedwa mu Juni nkumakanidwa paliponse musadzione ngati ndinu otembereredwa, ndi nyengo chabe. Akakufunsani kuti kwakale munachokako bwanji, musatukwane bwana wakale ndipo musaname, makalaliki a maesiteti amadziwana ndipo foni imodzi ikwanira. Ine ndimati ndinalakwitsa pa kalembedwe pofuna kuthandiza mnzanga, ndinavomera, ndipo sindingabwerezenso. Malo awiri anandikana, achitatu, sitolo ina ya zipangizo za ulimi, anandilemba patatha miyezi 7, malipiro ochepa kuposa akale.

## 8. Dziwani pamene zafika poti nokha simungathe

Kusowa tulo ndi kusafuna nsima masiku oyamba ndi zachibadwa. Koma ngati padutsa sabata ziwiri kapena kuposa simukugona, simukudya, simukufuna kuona munthu, kachasu wayamba mmawa, kapena mwayamba kuganiza kuti ana angakhale bwino inu kulibe, pamenepo musadikire. Uzani munthu wamkulu uja tsiku lomwelo mawu ake enieni, ndipo akuperekezeni kuchipatala cha boma, mukanene kuti maganizo akundipweteka, alipo achipatala oona za zimenezi. Mankhwala a mbewu ndi a makoswe achoke mnyumba akasungidwe kwina. Amayi, mukaona bambo ayamba kugawa zinthu zawo kapena kulankhula motsanzika, afunseni mosazungulira ndipo musawasiye okha. Amuna timaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, koma maliro a amuna osalirawo tawayenda kokwanira.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kunyamuka mmawa ngati ukupita kuntchito ndanena kale, ndi mayi wa zolakwika zonse, poti tsiku lililonse umawononga thiransipoti ndi chikhulupiriro nthawi imodzi. Chachiwiri ndi kulandira ndalama yomaliza nkuyamba kugulira anthu mowa pa Chitakale kapena pa Bvumbwe kuti aone kuti sunagwe, sabata imodzi yatha, ndipo omwe unawagulirawo ndi amene akaseke. Ndalama imeneyo ikangolowa lipirani fizi ndi banki mkhonde tsiku lomwelo, yotsalayo musunge awiri.

China ndi kugulitsa njinga kapena foni mwezi woyamba. Njinga ndi imene ingakudyetseni pa kabaza kapena kunyamula katundu wa geni, foni ndi imene akuimbireni ofuna kukulembani, gulitsani wailesi yaikulu ija kaye ngati pafunika kutero. Ena amalemba zotukwana kampani ndi mabwana pa magulu a pafoni usiku atamwa, mmawa anthu ajambula kale, ndipo zikafika ku leba zimakuonongerani mlandu womwe mukanawina. Enanso amathera ndalama kwa asing'anga kufuna kudziwa amene anawalodza pantchito, ine mnzanga wina anandiuza kuti tipite, koma wondilodza ndimamudziwa kale, inali bolopeni yanga yomwe.

Pali cholakwika china chimene sitichitchula kawirikawiri, kusanduka kapitawo wa pakhomo. Munthu wazolowera kulamula kapena kulamulidwa, nde akakhala pakhomo tsiku lonse amayamba kuwerenga machesi, kufunsa kuti mafuta ophikira atha bwanji msanga, kukalipira ana pa zazing'ono. Mayi akunyumba akhala akuyendetsa khomo limenelo zaka zonse inu muli ku sikelo, ndipo mwina miyezi imeneyi ndalama ya zitumbuwa zawo ndi imene ikugula ndiwo. Akakupatsani ya sopo landirani ndi kuthokoza, ndipo madzi akatha pakhomo tengani njinga ndi zigubu mukatunge, apongozi akuona.